Mwana akatsegula m'mimba: kasungunulidwe ka Thanzi ORS ndi kamwetsedwe kake kuyambira thewera loyamba

Anthu ambiri timamwetsa mwana Thanzi tikuyembekeza kuti m'mimba musiya kutsegula, nde tikaona kuti tamumwetsa kapu imodzi koma thewera likudzadzabe timati mankhwalawa sakugwira, basi kuthamangira ku golosale kukagula Fulajilo kapena Bakitilimu. Vuto lagona pomwepo. ORS ntchito yake si kutseka m'mimba ayi, ntchito yake ndi kubwezeretsa madzi ndi mchere zimene mwana akutaya nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Kutsegula m'mimba kwa ana ambiri kumabwera ndi mavailasi ndipo kumatha kokha pakapita masiku angapo, chimene chimapha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi matendawo asanathe. Ndiye ntchito ya ife a pakhomo ndi yoti madzi olowa asachepe kuyerekeza ndi madzi otuluka, mpaka m'mimbamo mukhazikike.

Sitepe yoyamba ndi kuzindikira kuti zayamba. Kuchipatala amati mwana watsegula m'mimba akachita chimbudzi chamadzimadzi katatu kapena kupitirira pa tsiku limodzi. Mwana woyamwa bere lokha amachita chimbudzi chofewa kangapo pa tsiku ndipo si matenda, mayi ake ndi amene amadziwa kuti lero chasintha, chachuluka madzi kapena chikubwera pafupipafupi kuposa masiku onse. Mukangoona choncho yambani kumwetsa, osadikira kuti maso alowe kaye. Ndipo apa ndinene za mano, chifukwa mawu oti "asiyeni akumera mano" achedwetsa ana ambiri. Msinkhu umene mwana amamera mano ndi womwewo umene amakwawa, kutola chilichonse kuika kukamwa, komanso kuyamba phala, nde majeremusi amapeza njira. Kaya agogo akunena kuti ndi mano kaya ayi, madzi amene akutayikawo ndi enieni ndipo akufunika kubwezeredwa chimodzimodzi.

Musanasungunule chilichonse, muyang'aneni mwanayo bwinobwino, chifukwa apa mpamene mumadziwa ngati nkhaniyi ndi ya pakhomo kapena ya kuchipatala. Zoyang'ana zilipo zinayi. Ali bwanji, akusewera, akuvutavuta ndi kulira kosatonthozeka, kapena wafooka moti kumudzutsa akuvuta? Maso ake alowa m'kati? Mukamupatsa madzi akumwa monga mwa masiku onse, akumwa mwaphuma ngati akulanda kapu, kapena akukanika kumwa? Chachinayi ndi khungu. Mugonekeni chagada, tsinani khungu la pamimba pakati pa mchombo ndi m'mbali, ndi chala chachikulu ndi cholozera osati ndi zikhadabo, ligwireni kwa sekondi imodzi kenako lisiyeni. Kwa mwana amene madzi ali bwino limabwerera nthawi yomweyo. Likamabwerera pang'onopang'ono madzi achepa, likatenga masekondi opitirira awiri litaima ndiye kuti zafika poipa.

Ngati akusewera, akumwa bwino, maso ali bwino, muthandizeni pakhomo. Ngati pali zizindikiro ziwiri mwa izi, kuvutavuta, maso olowa, ludzu lalikulu, khungu lochedwa kubwerera, madzi ayamba kutha ndipo akufunika akaonedwe ndi a zaumoyo lero lomwe, ku kiliniki ya m'mudzi kapena kuchipatala chaching'ono, mukumumwetsa m'njira. Koma ngati wafooka kwambiri kapena wakomoka, sakutha kumwa, khungu likuima, ameneyo ndi wa dilipi ndipo ndi wothamanga naye pompo, usiku kapena masana.

Pa mwana wakhanda pali chizindikiro china chimene tonse timachidziwa, liwombo. Likalowa m'kati pamene mwana akutsegula m'mimba, m'midzi mwathu ambiri amati ndi matenda a liwombo nde amafuna mankhwala opaka pamutu. Liwombo limalowa chifukwa madzi m'thupi achepa, ndipo mwana akamwa mokwanira limadzadza lokha. Nthawi imene ikutayika pofunafuna zopaka ndi imene mwanayo akanamwa masupuni 30 kapena 40.

Tsopano kusungunula. Sambani m'manja ndi sopo, tsukaninso chotengera chimene musungunuliremo, supuni ndi kapu. Madzi akhale owiritsa ndi kuzizira, kapena othira WotaGadi kapena kolorini amene amagawa a zaumoyo, ndipo mukathira mankhwalawo dikirani mphindi 30. Zikavutitsitsa, mulibe nkhuni mulibe kolorini ndipo mwana akufooka, tengani madzi akumwa aukhondo kwambiri amene muli nawo, a pa mjigo mwachitsanzo, n'kusungunula, kusiyana n'kuti mwana akhale maola osamwa.

Muyezo wa madzi ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Paketi ya Thanzi imene timaidziwa ndi ya lita imodzi, ndipo lita imodzi ndi mabotolo awiri a pulasitiki a 500 ml odzadza, aja a madzi ogula kapena a zakumwa. Botolo lagalasi la 300 ml mukathira atatu simunafike, ndi 900 ml, pakufunika kuwonjezera pang'ono ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a botololo. Werengani paketi nthawi zonse chifukwa si onse a lita imodzi, ku Zambia mu phukusi la mankhwala a kutsegula m'mimba lotchedwa Kit Yamoyo mumakhala timapaketi ta 200 ml, ndipo m'mafamase mumapezeka ena osiyanasiyana. Thirani ufa wonse wa m'paketi, onse osasiya, takasani mpaka usungunuke, basi. Osawiritsanso mukasungunula, osathiramo shuga kapena Sobo kuti akome, osasakaniza ndi mkaka kapena phala.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka ngati nzeru, chotapa ufa pang'ono n'kuthira m'kapu kuti paketi ikhalitse. Chonde ayi. Ndi maso simungadziwe kuti mwatapa mchere wochuluka bwanji, ndipo nthawi zambiri zimatuluka zowawa mchere kwambiri. ORS wochepa madzi ndi woopsa kuposa wochuluka madzi. Mchere ukachuluka m'magazi a mwana amene ali kale wouma, ludzu limakula, amavutavuta, mpaka akhoza kukomoka ndi kugwedezeka. Wochuluka madzi vuto lake ndi loti sabwezeretsa mchere mokwanira. Nde yezani lita yeniyeni, thirani paketi yonse, vundikirani, ndipo pakatha maola 24 zotsala tayani musungunule zina, chifukwa madzi a shuga akakhalitsa majeremusi amaswanamo. Mukasungunula 7 koloko m'mawa, mawa 7 koloko ndiye malire.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangomupatsa madzi wamba, ufa umenewu uli ndi chani? M'paketi ya lita imodzi muli magalamu 20.5 a ufa, ndipo ochuluka ndi shuga wa mtundu wa gulukozi magalamu 13.5, kenako mchere wa masiku onse magalamu 2.6, potaziyamu magalamu 1.5 ndi sitireti magalamu 2.9. Chinsinsi chili pa shuga ndi mcherewo kuyendera limodzi. M'matumbo muli njira imene imalowetsa sodiyamu wa mu mchere pokhapokha ali limodzi ndi gulukozi, ndipo njira imeneyi imagwirabe ntchito ngakhale matumbo akudwala, ngakhale pa kolera. Sodiyamu akalowa m'thupi madzi amamutsatira, ngati m'mene mchere wa m'mbale umakokera chinyezi nthawi ya dzinja. Madzi wamba okha salowa mwachangu choncho ndipo sabweza mchere umene watayika. Potaziyamu uja ndi amene mwana amataya kwambiri akamatsegula, akachepa mwana amalefuka ndipo mimba imatha kufufuma. Sitireti amakonza asidi amene amachuluka m'magazi madzi akatha, ndi asidi ameneyu amene amapangitsa mwana wouma kupuma mozama komanso mofulumira.

Apa mpamenenso mumvetse chifukwa chake Fanta, Kokakola, Sobo wokhathamira, majuwisi a m'mabokosi ndi zakumwa zopatsa mphamvu sizoyenera. Shuga wake ndi wochuluka kwambiri ndipo mchere mulibe, nde m'malo moti madzi alowe m'thupi shugayo amakoka madzi kuchokera m'thupi kupita m'matumbo, mwana n'kutsegula kwambiri. Ngakhale ORS yemweyo anachita kusinthidwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 a WHO ndi UNICEF anachepetsa shuga ndi mchere wa m'paketi atapeza kuti wosungunuka mopepukirako amachepetsa kusanza, kuchuluka kwa chimbudzi komanso ana ofunika dilipi. Ndiye mukathiramo shuga wanu mukuononga muyezo umene anthu anauvutikira. Njirayi inaonetsa mphamvu zake mu 1971 pa nthawi ya nkhondo ya ku Bangladesh, pamene dokotala wa ku India Dilip Mahalanabis anasowa madilipi pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon kolera itavuta, nayamba kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga kudzera mwa abale awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse kufika pa osakwana 4, ndipo amene ankamwetsawo sanali madokotala, anali amayi ndi abale ngati ife.

Nanga paketi palibe, ndi usiku, kiliniki ya m'mudzi yatsekedwa? Mutha kupanga wongogwirizira. Lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi 6 a shuga osefukira ayi koma osalaza, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, yosalazanso. Supuni ya tiyi, kaja kakang'ono, osati yodyera phala la akulu. Lawani musanamupatse, asawawe mchere kuposa misozi, akawawa tayani muyambirenso. Koma mudziwe kuti umu mulibe potaziyamu kapena sitireti ndipo kuphonya muyezo n'kosavuta, nde kukacha pezani paketi. Madzi a mpunga othira kamchere pang'ono, phala lamadzimadzi, msuzi wopepuka, zonsezi zimathandiza ngati zowonjezera. Ine ndimaona kuti pakhomo pamene pali mwana wosakwana zaka zisanu pamayenera kukhala mapaketi awiri osungidwa pouma nthawi zonse, makamaka dzinja likamayandikira, chifukwa matendawa amakonda kuyamba nthawi imene kulibe kogula.

Kamwetsedwe ndiye mtima wa nkhani yonse. Mwana amene alibe zizindikiro za kuuma, amene mukumuthandiza pakhomo, mumamwetsa akangomaliza kuchita chimbudzi chilichonse chamadzi. Wosakwana zaka ziwiri 50 mpaka 100 ml, kumene kuli ngati kota mpaka theka la kapu yaikulu ya tiyi. Wa zaka ziwiri mpaka 10 ndi 100 mpaka 200 ml, theka mpaka kapu yodzadza. Wamkulu kuposa apo amwe m'mene akufunira, ndipo aliyense akafuna zambiri mupatseni. Wamng'ono mumamwetsa ndi supuni, supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse, mutamukhazika pamiyendo mutu uli m'mwamba, osati atagona chagada. Wamkuluko azipsontha pang'onopang'ono m'kapu. Botolo la nsonga yoyamwira lisiyeni, limavuta kutsuka komanso mwana amamwa mothamanga. Sirinji yopanda singano imathandiza pa khanda, mukuthira pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya. Ndipo kumutseka mphuno kuti ameze, kumene ena amachita pomwetsa mankhwala, n'koopsa chifukwa madzi amatha kulowera ku mapapo.

Tiyeni tiyerekeze ndi mwana mmodzi kuti ziwoneke bwino. Mwana wa miyezi 10, ku sikelo mwezi watha analemera makilogalamu 8 malinga ndi buku lake la kuchipatala. Wayamba kutsegula dzulo madzulo, usiku wonse matewera asanu, wasanza kawiri. M'mawa akulira kosalekeza, maso alowa pang'ono, mukamuonetsa kapu akuilanda, khungu la pamimba likubwerera koma mochedwerako. Ameneyu madzi ayamba kutha koma sanafike pa dilipi. Mayi asungunule Thanzi, athire m'botolo loyera, atenge kapu ndi supuni, anyamuke kupita kwa a zaumoyo akumwetsa m'njira, ngakhale pa kabaza aziima n'kumwetsa, komanso kuyamwitsa.

Kumeneko amawerengera 75 ml pa kilogalamu iliyonse, zoti amwe m'maola anayi. Makilogalamu 8 kuchulukitsa ndi 75 ndi 600 ml, ndiye botolo limodzi la 500 ml ndi kena pang'ono. Tikagawa pa maola anayi ndi 150 ml pa ola. Supuni ya tiyi imatenga 5 ml, nde ndi masupuni 30 pa ola, kutanthauza supuni imodzi mphindi ziwiri zilizonse. Mukaziona choncho mupeza kuti si zambiri zoti mwana angakanike, chovuta ndi kupirira kwa womwetsayo, kukhala pansi maola anayi osadzuka kukaphika, osapita kumunda. N'chifukwa chake abambo, azakhali, agogo, aliyense amene ali pakhomo akuyenera kulandizana, wina agwire supuni pamene mayi akuyamwitsa kapena kupuma, wina aone za ana ena ndi moto.

Tinene kuti patapita mphindi 40 mwana uja wasanza. Apa mpamene ambiri amagwa mphwayi n'kunena kuti akubweza, palibe chikukhala. Zoona zake n'zoti mwana akasanza satulutsa zonse, zambiri zimakhala zadutsa kale kupita m'matumbo. Dikirani mphindi 10, kenako yambaninso koma mochedwerako, supuni imodzi mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Kawirikawiri kusanzako kumabwera chifukwa mwana waludzu wagugudiza theka la kapu nthawi imodzi, nde ngakhale akulirira kapu yonse inu gwiritsitsani supuni. Nthawi zambiri madzi akayamba kubwerera kusanza kumachepa kokha m'maola awiri oyamba. Koma ngati akusanza chilichonse, ngakhale bere, supuni iliyonse ikubwerera ngakhale mwachedwetsa, auzeni a zaumoyo nthawi yomweyo, pali njira ya kapaipi ka m'mphuno kapena dilipi.

Pakatha maola anayi amamuyezanso ndi zinthu zinayi zija. Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda? Mwana amasiya kuvutavuta ndipo nthawi zambiri amagona tulo tabwino, tosiyana ndi kufooka chifukwa mukamugwedeza amadzuka n'kukuyang'anani. Ludzu lolanda kapu lija limachepa, m'kamwa mumanyowa, akalira misozi imatuluka, ndipo chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi mkodzo. Mwana akakodza ndiye kuti madzi afika. Pa matewera ogulawa zimavuta kusiyanitsa mkodzo ndi chimbudzi chamadzi, nde masiku amenewa yang'anitsitsani, mwana amene watha maola 6 kapena kuposa osakodza ndi wodetsa nkhawa. Ngati zizindikiro zatha, mwana uja amabwerera kunyumba ndi mapaketi ena, n'kumamwa 50 mpaka 100 ml pa chimbudzi chilichonse. Ngati zikadalipo amabwereza maola ena anayi. Zikope zikatupa ndiye kuti ORS wakwana, muimitseni kaye, mupatseni bere kapena madzi wamba mpaka kutupako kutsike.

Ndipo chimbudzi chija chikhala chikubwerabe, mwina mawa, mwina mkuja. Si kuti mwalephera.

Chimene chimafupikitsa matendawo ndi zinki, ndipo ambiri timamuiwala kapena kumusiyira panjira. Kuyambira 2004 malangizo a WHO ndi UNICEF ndi oti ORS aziyendera limodzi ndi zinki. Mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amamwa piritsi limodzi la 20 mg pa tsiku, wa miyezi iwiri mpaka isanu theka la piritsi, kwa masiku 10 mpaka 14 malinga ndi m'mene akuuzirani kuchipatala. Mwana wathu wa miyezi 10 uja ndi piritsi lathunthu. Limasungunuka lokha mukaliika pa supuni ndi mkaka wa m'mawere, madzi oyera kapena ORS. Zinki amachepetsa masiku otsegula ndi kukula kwa matendawo, amathandiza matumbo kuchira, komanso amateteza mwana kuti asadwalenso msanga kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Chitetezo chimenechi chimabwera mukamaliza masiku onse, nde ngakhale mwana achire tsiku lachitatu pitirizani mpaka mapiritsi athe, osasungira mwana wina. Ana ena amachita nseru naye, mupatseni atadya kapena atayamwa.

Chakudya nacho osaimitsa. Maganizo oti m'mimba mupume kaye amabweza mwana m'mbuyo, chifukwa matumbo amachira msanga akamalandira chakudya, ndipo mwana amene amatsegula pafupipafupi n'kumasalidwa chakudya ndi amene amathera ku kunyentchera. Bere ndiye loyamba, pafupipafupi komanso nthawi yaitali kuposa masiku onse, usiku womwe. Mkaka wa mayi sutsegulitsa m'mimba, ngakhale mayiyo atakhala ndi pakati pena, ngakhale atachokera pa dzuwa kapena paulendo, palibe chifukwa choufinyira pansi kapena kumuletsa mwana. Wosakwana miyezi 6 amene akuyamwa bere lokha apitirize bere, kuwonjezerapo ORS yekha, osamuyambitsa phala kapena tiyi chifukwa cha matendawa. Amene anayamba kudya mupatseni zofewa pang'onopang'ono koma kambirimbiri, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku: phala lothira nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta, nthochi yakupsa yokanya imene ili ndi potaziyamu, mbatata, dzira lophika bwino, nsomba yochotsa minga. Sadzafuna kudya, munyengerereni osamukakamiza. Akachira muwonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi limene lataika.

Tibwerere ku mapiritsi a ku golosale aja. Fulajilo ndi Bakitilimu sagwira mavailasi, nde pa kutsegula kwamadzi kwa masiku onse mwana amangomwa zowawa, nseru n'kuwonjezeka, majeremusi n'kumazolowera mankhwala, ndipo choipitsitsa makolo amamasuka mtima kuti tamupatsa mankhwala n'kusiya kumwetsa. Mapiritsi otseka m'mimba amene akuluakulu amamwa paulendo, monga loperamaidi, ndi oletsedwa kwa ana aang'ono, amaimitsa matumbo mimba n'kufufuma pamene madzi akutayikirabe m'kati momwemo osaoneka. Mankhwala opha mabakiteriya ali ndi malo ake, pa kamwazi ndi pa kolera yoopsa, koma osankha mtundu ndi muyezo ndi a kuchipatala.

ORS ali ndi malire, ndipo pali ana amene simuyenera kuyesa kuwathandiza pakhomo ngakhale akuoneka kuti akumwa. Khanda losakwana miyezi iwiri likatsegula m'mimba ndi la kuchipatala basi. Chimbudzi chikakhala ndi magazi, ameneyo ndi kamwazi ndipo akufunika mankhwala enieni. Kutsegula kukafika masiku 14, pali china chikuchitika, mwina kunyentchera mwina matenda ena ofunika kuyeza. Thupi likatentha, kwathu kuno kumafunika kuyezetsa malungo, chifukwa malungo mwa ana amathanso kubwera ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba. Kukomoka, kugwedezeka, kukana bere, kusanza chilichonse, kapena mwaona kuti patha masiku atatu osasintha, nyamukani.

Gulu lina lofunika kulisamala mwapadera ndi ana onyentchera kwambiri, owonda mafupa okhaokha kapena otupa mapazi. Pa iwowa zizindikiro zija zimanama, wowondetsetsa khungu lake limachedwa kubwerera ndipo maso amakhala olowa ngakhale madzi ali bwino, pamene wotupa khungu limabwerera msanga ngakhale wauma. Mtima wawo ndi wofooka, madzi ndi mchere zikachuluka umalephera. Kuchipatala amawamwetsa mtundu wina wotchedwa ReSoMal umene uli ndi sodiyamu wochepa ndi potaziyamu wochulukirapo, pang'onopang'ono akuwayang'anira kapumidwe. Nde mwana wotero, kapena amene ali pa chiponde, akatsegula m'mimba musamuwerengere 75 ml uja nokha, pitirizani bere ndi timasupuni tochepa muli pa ulendo wa kuchipatala.

Kolera nayo tonse tikuikumbuka, mliri umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Chimbudzi chake chimakhala choyererako ngati madzi otsukira mpunga, chochuluka kwambiri, ndipo munthu amatha kuuma m'maola ochepa chabe. Apa ORS mumayamba pompo ndi kumwetsa mosalekeza, koma muli m'njira, chifukwa madzi otuluka amatha kuposa amene supuni ingabweze. Matewera ndi zovala zoipitsidwa zinyikeni m'madzi a kolorini, chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi osati kuseri kwa nyumba kapena kudzala, chifukwa cha mwana chimapatsira matenda chimodzimodzi ndi cha wamkulu, ndipo aliyense wosintha thewera asambe ndi sopo asanagwire supuni ija.

Mwana akachira tsegulani buku lake la kuchipatala muone ngati analandira katemera wa rota, uja wodonthezera m'kamwa amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, komanso wa chikuku ndi vitamini A. Katemera wa rota sateteza kutsegula m'mimba kwa mtundu uliwonse, amachepetsa kuja koopsa kwa rotavailasi kumene kumagoneka makanda m'chipatala, nde mwana wolandira katemerayu akhoza kutsegulabe ndipo Thanzi adzafunikabe. Pa sikelo yotsatira auzeni a zaumoyo kuti anadwala kuti aone ngati kulemera kwabwerera, ndipo ngati mapaketi anatha pemphani kapena gulani ena awiri ndi zinki wake, muone deti lotha ntchito, n'kuwasunga pamalo pouma pamene aliyense wa pakhomo akudziwa. Paketi imene ufa wake waumbika kapena wasanduka wabulauni yalowa chinyezi, imeneyo itayeni.